Damaris mu Tebulo la Akale

Kompyuta ya mu ofesi ya Meshack inali itayamba kuyenda ngati nkhalamba ya nyamakazi. Ukaiuza kuti itulutse mayina a odwala a dera limodzi, kagetsi kake kofiira kankaphethira, m'mimba mwake munkalira kuti kirikiri, ndipo munthu ankatha kupita kumsika kukagula chinangwa chootcha n'kubwerako iyo idakaganizabe. Magetsi a pa boma la Chama anali a injini, obwera mwakufuna kwawo ndi kuchoka mosatsanzika. Kawiri konse mwezi umenewo anathima mayina ali pakati, ntchito n'kuyambiranso poyamba.

Ofesiyo inali ya kabungwe ka mpingo kosamalira anthu a matenda okhalitsa: khunyu, mphumu, kuthamanga kwa magazi. Mkulu wake anali Sisitala Agness, namwino wa mawu ochepa amene ankamangirira makiyi a kabati ya mankhwala kunsonga ya chitenje. Fred, wa mtundu wa Asenga a pompo, ndiye ankalongedza mankhwala m'timapepala, ndipo pakamwa pake sipankatsekeka. Meshack anachokera ku Kabwe chaka cha 1996, ali ndi satifiketi ya kompyuta ndi mtima wokonda kulota.

"Yakhuta iyi," anatero Fred tsiku lina, akusisita kompyutayo pamutu. "Mwaidyetsa anthu ambiri, ba Meshack. Manje ifuna kugona."

Fred ankaseka, koma ankanena zoona. Zonse zinali mu tebulo limodzi lotchedwa ODWALA. Silinali tebulo la matabwa ayi, koma mizere ndi madanga m'kati mwa kompyuta. Munthu akalandira mankhwala, mzere watsopano unkalembedwa: nambala yake, dzina, dera, mankhwala, tsiku. Kuyambira 1991 palibe mzere unachotsedwapo. Omwalira anali momwemo, osamuka momwemo, ochira momwemo, ndipo kuti kompyuta itulutse mayina a amoyo inkayenera kuwerenga onsewo kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Meshack anafotokozera Sisitala mankhwala a vutolo. Apanga tebulo lachiwiri lofanana ndi loyamba madanga onse, alitcha AKALE. Asamutsiramo mizere yonse ya anthu olembedwa kuti anamwalira, anasamuka kapena anachira, pamodzi ndi mizere yopitirira zaka ziwiri ya amene akulandirabe. Tebulo lalikulu lipepuka, ndipo zakale sizitayika. Wozifuna adzatsegula tebulo linalo.

"Wamoyo amene akumwa mankhwala asasowe ngakhale mmodzi," anatero Sisitala. "Mayina a odwala a m'chigwa, owatumizira mankhwala, tidzawatenga m'menemo."

"Sangasowe, ba Sisitala. Mizere yake yatsopano itsala."

Anasankha Loweruka, tsiku lopanda odwala. Koma Lachinayi lake lole ya ku Lundazi inatsitsa mlendo: Fridah, mlongo wake wamkulu wa Meshack, amene anamulera mayi awo atamwalira. Anabwera ndi chikwama chodzaza ndi mabanzi ouma ndi mafunso. Ankafuna kumva za mtsikana amene mlongo wakeyo ankati akufuna kumukwatira.

Mtsikanayo anali Damaris, mphunzitsi wa pa sukulu ina ya ku Chikwa, m'chigwa. Meshack anamuona koyamba pakhonde la ofesi yomweyo, atavala diresi yobiriwira, akudikira Sisitala. Anayamba kulankhulana za fumbi, kenako za nyimbo za kwaya, kenako za zinthu zopanda mutu zimene anthu awiri amalankhula akamaopa kusiyana. Madzulo ena akumuperekeza, pansi pa mtengo wa msikidzi, Damaris anaima n'kumuuza mosazungulira.

"Ndili ndi khunyu. Ndimamwa kapilitsi tsiku lililonse, ndipo chiyambireni kumwa sindinagwepo. Kusukulu sakudziwa. Ngati ukufuna kubwerera, bwerera pano, njira idakali yaifupi."

Meshack anamugwira dzanja n'kulumbira kuti chinsinsi chimenecho achisunga ngati dzira. Ankadziona ngati mlonda wa chuma chobisika, ndipo kunena zoona, ankakonda kudziona choncho.

Lachisanu madzulo, akudya, Fridah anayamba nkhani ya mnansi wawo wa ku Kabwe.

"Mwana wawo anakwatira mkazi wakugwa. Sanafufuze. Manje mbale zake amatsuka padera, ndipo ana amene adzabadwe, kaya. Iwe ukugwira ntchito ndi anthu otere, uzisamba m'manja. Damaris wakoyo kwawo kulibe zimenezi?"

Meshack ankadziwa bwino lomwe kuti khunyu siyenda m'mbale kapena m'malovu. Ankamva Sisitala akuphunzitsa zimenezo pakhonde sabata iliyonse. Anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka chinali china.

"Kulibe, achemwali."

"Chabwino. Mawa undionetse makina ako aja. Akuti amadziwa wodwala aliyense m'boma muno."

M'mawa mwake Meshack anafika ku ofesi Fridah asanamalize kusamba. Magetsi analipo. Anayamba monga anaphunzirira: anakopera tebulo lonse pa madisiketi, kuti china chikalakwika akhale ndi pobwerera. Kenako anakhala duu, manja ali pa mabatani. Anaitana nambala ya Damaris. Mizere yake inabwera, yoyera pagalasi lakuda, dzina lokongola lija litabwerezedwa kutsika m'munsi. Danga lomalizira, losonyeza ngati munthu adakali m'gulu, linali lopanda kanthu monga mwa onse olandira mankhwala.

Analembamo liwu limodzi: ANASAMUKA. Kompyuta inaliika pa mizere yake yonse.

Mumtima ankadziuza kuti akumubisa kwa Fred, wapakamwa uja. Ankadziuzanso kuti ndi za masiku ochepa chabe. Fridah akangokwera lole, amubweza. Kenako analamula kuti kusamutsa kuyambe. Mizere yakale inakoperedwa ku AKALE. Anawerenga ya uku ndi ya uko kuona ngati ikugwirizana, ndipo inagwirizana, pakuti kompyuta inachita chimene inauzidwa. Anaika chizindikiro chofufuta pa mizere yomweyo mu tebulo lalikulu, anaichotseratu, n'kumanganso kalozera wa mayina. Atayesa kutulutsa odwala a ku Chifunda, mayina anatuluka asanamalize n'kukanda komwe m'mutu.

Fridah analowa atadzola mafuta onunkhira. Anazungulira kompyutayo ngati akuopa kuti imuluma.

"Ndilembe dzina lililonse?"

"Lililonse."

Analemba ndi chala chimodzi, akufunafuna chilembo chilichonse, lilime lili panja. Linali dzina la Damaris ndi la bambo ake. Kompyuta inayankha nthawi yomweyo kuti munthu wotero palibe.

"Ndimangoyesa," anatero Fridah akuseka. "Usakwiye. Mlamu wanga ndi wangwiro."

Meshack anaseka naye. Thukuta linali likutsika mumsana, ndipo pansi pa mpumulo umene anamva panali kanthu kena kozizira kamene sanafune kukayang'ana.

Fridah sanafune kuyenda yekha msewu wa ku Lundazi, choncho Meshack anapempha chilolezo kuti amuperekeze. Ankayembekeza kubwerera msanga. Koma lole yobwerera inathyoka chitsulo cha kunsi, ina inadzaza ndi feteleza, ndipo ali chidikirire kumeneko mitambo inasonkhana kumadzulo, yakuda ngati mwaye, mwezi wa Novembala usanafike n'pakati pomwe.

Atafika ku Chama anapeza pabwalo la ofesi pali matope ndi mikwingwirima ya matayala. Fred anali pakhonde, akumenya makatoni opanda kanthu kuti aphwatalale.

"Mwaphonya ntchito, bwana. Ba Sisitala anaona mitambo, anati galimoto ipite lero lomwe mitsinje isanadzaze. Ndinasindikiza ndekha mayina. Makina anu manje ndi kamwana, kungokhudza basi atulutsa. Aliyense wa m'chigwa tamutumizira mankhwala ofika mpaka mvula itatha."

Chaka chilichonse zinkatero. Mvula ikayamba, misewu ya ku Chikwa ndi ku Chifunda inkasanduka phala, ndipo galimoto sinkapitanso mpaka dzinja litatha. Wodwala aliyense ankamulongedzera kapaketi kake, dzina ndi nambala zili pamwamba, motsatira mayina otuluka mu tebulo lalikulu. AKALE sankafunsidwa. Ndiyo inali ntchito yake, kusafunsidwa.

Meshack analowa mu ofesi n'kukhala pansi.

Akanatha kunena tsiku lomwelo. Sisitala anali m'chipinda chinacho, makiyi akulira m'chiuno. Koma akanayamba bwanji? Anawerengera mumtima kuti Damaris adakali ndi mapilitsi a ulendo wapitawo, mwina ofika ku Khirisimasi. Anaganiza zomubweza mwakachetechete mu tebulo lalikulu, koma zimenezo sizikanatsegula kabati, ndipo Sisitala akanafunsa chifukwa chimene dzina lili pamndandanda koma paketi yake sinapite. Anaganiza zopempha mnzake wa ku chipatala, koma mankhwala amenewo sankaperekedwa mwachisawawa. Tsiku lililonse ankadzuka atatsimikiza kuti lero anena, ndipo tsiku lililonse ankapeza Sisitala ali wotanganidwa, kapena Fred ali pafupi. Kompyuta inkathamanga mokondweretsa aliyense. Sisitala anamuyamikira pamaso pa abusa, iye n'kuyang'ana pansi, abusawo n'kumati ndi mnyamata wodzichepetsa.

Uthenga unabwera pa wailesi ya mauthenga, m'mawa wina kukuwaza mvula. Wailesiyo inali pakona pa ofesi, ndipo inkamveka m'zipatala zing'onozing'ono zonse za m'chigwa nthawi imodzi, choncho mayina a odwala sankatchulidwa. Mawu a bambo Cyprian, wazaumoyo wa ku Chikwa, ankabwera modukaduka.

"Pali mmodzi paketi yake sinabwere. Anayamba wadikira, amati mwina yasokonekera ku Chifunda. Ndafunsa, kulibe. Manje akudula mapilitsi pakati kuti atalikitse. Ndikupatsani nambala."

Fred analemba nambalayo padzanja n'kupita pa kompyuta. Meshack anali ataima pawindo, akuyang'ana madzi akugwa kuchokera padenga. Nambalayo ankaidziwa ngati dzina lake.

"Palibe," anatero Fred. "Ba Cyprian, mwawerenga bwino? Kapena magalasi mwasiya kunyumba?"

Nambala inabwerezedwa. Inali yomweyo.

"Ngati mulibe m'makina, sindingatulutse mankhwala amenewa," anatero Sisitala. "Si maswiti. Auzeni aone bwino khadi lakelo, atiitanenso mawa."

Fred anasiya wailesi. Ankayang'ana padzanja pake, nkhope itasintha, kenako anatembenukira kwa Meshack.

"Tsegulani tebulo linalo," anatero Meshack. Mawu ake anatuluka ang'ono ngati a mwana.

"Liti?" anafunsa Sisitala.

"La akale."

Meshack anakhala pampando yekha n'kulitsegula. Linatenga nthawi, pakuti linali lalikulu ndipo analisiya lopanda kalozera. Kagetsi kofiira kanaphethira, kuphethira, mvula ikulira pamalata. Kenako mizere inabwera. Sisitala anawerama, anawerenga dzina, n'kutsata ndi chala mpaka danga lomalizira.

"Anasamuka. Wasamukira kuti mwana ameneyu, poti mzere wake womaliza ndi wa chaka chomwe chino?"

"Sanasamuke."

"Makina alakwitsa?"

Khomo lothawira linali lotseguka pamenepo. Sisitala sankadziwa zambiri za kompyuta, akanavomera. Meshack anamva Fred akupuma kumbuyo kwake.

"Makina sanalakwitse, ba Sisitala. Ndinalemba ndine. Ndinafuna kuti dzina lake lisaoneke."

"Lisaoneke kwa ndani?"

"Kwa anthu. Muno mumalowa anthu ambiri, ndipo ba Fred..." Analekezera pomwepo.

Fred anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Kwa ine? Ba Meshack, mzere wake woyamba ndinalemba ndine, inu musanadziwe n'komwe kuti kuli dziko lotchedwa Chama. Paketi yake ndimamanga ndine. Ulendo uno mapaketi anachuluka, ndinakhulupirira makina anu, sindinaone kuti palibe. Ndimalankhula za mpira, za akazi a eni, za mbuzi ya abusa. Munandimvapo ndikutchula wodwala?"

Meshack anagwetsa nkhope. Makutu ake ankatentha.

"Sabata imene ija kunali mlendo," anatero Fred motsitsa mawu, ngati akudzilankhulira. "Wa mafuta onunkhira uja."

Sisitala anawongoka. Sanakalipe, ndipo Meshack akanakonda akanakalipa. Anapita pa wailesi n'kuuza bambo Cyprian kuti munthuyo wapezeka, asiye kudula mapilitsi, amwe athunthu pa amene atsala, mankhwala akubwera ndi munthu wapansi. Atatero anabwerera.

"Mubwezeni. Ine ndikuona."

Meshack anafufuta liwu lija pa mizere yonse ya Damaris. Anakopera mizere ya zaka ziwiri zapitazi kubwerera ku ODWALA, anaonetsa Sisitala kuti yafika yonse, kenako anaichotsa ku AKALE kuti munthu mmodzi asakhale kuwiri. Anamanganso kalozera. Fred analemba nambala ija, dzina n'kutulukira pomwepo.

"Alipo wina amene munamusamutsa chotere?"

"Palibe."

"Sindingadalire mawu anu lero. Mutulutse onse a m'tebulo la akale olembedwa kuti anasamuka kapena anachira koma analandira mankhwala chaka chino. Fred awayerekeze ndi makadi, mmodzimmodzi. Ndipo kuyambira lero, liwu limenelo sililembedwa popanda ine kuona khadi."

Anagwira ntchitoyo mpaka masana. Sanapezeke wina. Sisitala anamasula makiyi, anawerenga mapilitsi, Fred anamanga paketi n'kuikulunga m'mapulasitiki awiri.

"Ndikanatuma wina," anatero Sisitala, akumupatsa paketiyo. "Koma ndi inu muyenera kukaona. Za ntchito yanu tidzakamba mukabwera."

Meshack ananyamuka m'mamawa pa njinga ya Fred. Poyamba msewu unkalola, kenako dothi lakuda la m'chigwa linayamba kumata matayala mpaka gudumu kukana kuzungulira. Ankaima, kukokota matope ndi kamtengo, kukankha, kuimanso. Anagona pamudzi wina kwa mphunzitsi, n'kusiya njinga komweko. Pamtsinje wina wodzaza anadikira ndi amayi onyamula matumba a mbewu mpaka madzi anatsika kufika m'chiuno, n'kuwoloka atagwirana manja, paketi ili pamutu pansi pa chipewa. Mayi wina anamufunsa chimene wanyamula chofunika chotero.

"Mankhwala a munthu."

"Mulungu akudalitseni, mwana wanga. Anthu a mtima wotere atha."

Madalitso amenewo anamulemera kuposa matope. M'njira monse, mtima wake wokonda kulota unkayesa kumujambulira chithunzi chokoma: iye akufika wotopa, matope thupi lonse, Damaris akuthamanga kudzamulandira. Ankachikankha chithunzicho, koma chinkabweranso, ndipo ankachita manyazi kuti ngakhale pano akufunabe kuoneka ngwazi.

Anafika pasukulu dzuwa litapendeka. Ana anali ataweruka. Nyumba ya Damaris inali kumapeto kwa mzere wa nyumba za aphunzitsi, ndipo anamupeza atakhala pakhonde, akusankha nyemba m'lichero. Anali ataonda. Pachipumi, pamwamba pa diso lamanzere, panali bala lotsekedwa ndi pulasitala.

Damaris sanathamange. Anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kumukankhira kampando.

"Wabwera wapansi?"

"Njinga ndaisiya m'njira." Anatulutsa paketi n'kuipereka ndi manja awiri. Damaris anaimasula, anaona dzina lake ndi nambala m'zilembo zokhota za Fred, n'kuiika pamiyendo.

"Wachedwa pang'ono," anatero, akukhudza pulasitala. "Ndinagwa dzana, m'kalasi. Ba Cyprian anandiuza kuti ndibwerere ku athunthu, koma thupi linali litayamba kale kukwiya. Ndinkalemba pabolodi. Ndinadzuka ndili pansi, ana onse ali panja, akusuzumira pawindo. Palibe anandikhudza. Ena lero sanabwere, makolo awo awaletsa. Ahedi akuti tidzakambirana ndi komiti."

Ankalankhula mosakweza mawu, zala zikupitiriza kusankha nyemba.

"Koma si mlandu wako. Ba Cyprian akuti makina anandimeza. Ndinawauza kuti Meshack akamva, sagona."

Khomo lachiwiri linali limenelo, lotseguka kuposa loyamba lija. Meshack anayang'ana matope ouma pa mawondo ake. Nkhuku inadutsa pakati pawo, ikutola nyemba zoola zimene Damaris ankataya.

"Makina sanakumeze. Ndinakuchotsa ndine."

Anafotokoza zonse, mosakometsa: matebulo awiri, liwu limene analemba, lole yothyoka, masiku amene anakhala chete kabati ili pafupi. Atafika pa chifukwa, lilime linafuna kuthawira kwa Fred, koma analibweza. Ananena za Fridah, za mbale zotsukidwa padera, za funso lija ndi yankho limene anapereka, ndi za chala chimodzi chikulemba dzina lake.

Damaris anasiya kusankha nyemba.

"Tebulo linalo mumasungamo ndani?"

"Akale. Amene sitikuwafunanso tsiku ndi tsiku."

"Ndani?"

"Ochira. Osamuka." Anawerama. "Ndi omwalira."

"Ndiye ndinali pakati pa amenewo, ine ndili kuno ndikudula mapilitsi ndi lezala." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Achemwali anu atalemba dzina langa, makina n'kunena kuti palibe, inu munamva bwanji, ba Meshack?"

Chiyambire pansi pa msikidzi paja anali asanamutchulepo choncho. Ulemu umenewo unamulasa kuposa chitonzo.

"Ndinapuma," anayankha. "Ndinamva kupepuka."

"Zikomo ponena zoona."

Damaris analowa m'nyumba n'kubwera ndi kapu ya madzi. Meshack anatambasula dzanja, akuyesa ndi ake, koma Damaris anatulutsa piritsi limodzi lathunthu, analimeza, n'kumwera madziwo pakhonde pomwepo, poonekera, mkazi wa ahedi akuyang'ana ali pa chingwe cha zovala. Kenako anadzazanso kapu yomweyo n'kumupatsa. Meshack anamwa onse.

"Chinsinsi chija chatha," anatero Damaris. "Chigwa chonse chikudziwa. Ndinkaopa tsiku limeneli zaka zonsezi, ndipo lafika, ndipo ndidakali moyo. Mawa ndipita kukalasi, abwere atatu kaya khumi. Komiti ndikailankhula ndekha, ba Cyprian alonjeza kudzaima nane. Watsala munthu mmodzi yekha amene akudziwa zabodza za ine, ndipo bodzalo sanalimve kwa ine."

"Ndiwalembera kalata."

"Ayi. Kalata munthu amalemba atabisa nkhope. Munawauza ndi pakamwa, mukawauzenso ndi pakamwa, mukuwayang'ana. Akakakana, mudzabwere mudzandiuze kuti akana, ndi chimene inu mwawayankha. Mpaka tsiku limenelo musanditumizire moni."

"Ku Kabwe n'kutali, Damaris. Tchuthi changa ndi cha mu Epulo, ngati ntchitoyo ndidzakhale ndidakali nayo."

"Mankhwala ndili nawo ofika mu Epulo," anatero, akunyamula lichero. "Mukagone kwa ba Cyprian. Mtsinje umatsika m'mawa."

Meshack anaimirira. Ankafuna kunena kanthu kena kokoma, koti kadzakumbukike, koma mawu onse okoma amene ankawadziwa anaoneka ngati zovala zobwereka. Anatsika pakhonde. Mkazi wa ahedi anamupatsa moni mwaulemu, n'kumufunsa ngati iye ndi bambo uja wa makina amene wayenda ulendo wonsewu chifukwa cha aphunzitsi awo.

"Ndine," anayankha, osakweza maso, n'kufunsa njira ya kwa bambo Cyprian.